Mpira kapena Sports Day, tithandize chiti?

"Ndimagulitsa fetereza, mbewu ndi mankhwala a ku munda pa tradingi senta. Anyamata akufuna ndithandize bonanza ya mpira, sukulu nayo ikupempha za Sports Day, ndalama ndi ya chimodzi, ndisankhe chiti?"

Achimwene tengani bonanza koma muikire nthawi nokha, cha mu Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala pomwe anthu akusaka mbewu mvula isanagwe, osati Febuluwale anthu atathira kale fetereza. Ku bwalo kumabwera makolo eni minda, pamene ku sukulu ndi ana, ndipo dzina la shopu ya mankhwala ophera tizilombo pa malaya a ana a pulayimale silikhala bwino olo pang'ono.

Mphotho musapereke kashi yokha, onjezani thumba la fetereza la 50 kg ndi mbewu ya chimanga, muperekere pakati pa bwalo anthu akuona, imeneyo ndiye malonda anuwo.

Koma fufuzani kaye matimuwo. Ngati masewero awo amathera ndewu, kuthamangitsa lefa, kapena wina wandale akufuna adzagawirepo zovala za chipani, zisiyeni ndithu, anthu adzati mpira wa shopu yakuti uja munali chipolowe. Mugwirizanenso ndi amfumu ndi komiti polemba kuti wogulitsa mbewu wina asadzapachike bana yake pa golo.