Amuna anga akaphatikiza mowa ndi chamba amasanza n'kumalira kuti akufa

Azakhali,

Ndakhala pabanja zaka 6 ndipo tili ndi ana awiri. Amuna anga amamwa mowa kumapeto kwa sabata, ndipo ndimadziwa kuti nthawi zina amasuta chamba, koma kale ziwirizi sankazichita tsiku limodzi. Loweruka lapitali anamwa mabotolo asanu, kenako anzawo anawapatsira ndudu ya chamba, ndipo akuti sipanathe mphindi 20 miyendo inawalobodoka. Anafika nawo kunyumba atawagwirira uku ndi uku, nkhope itatuwa, malaya atanyowa ndi thukuta, dzanja lili pachifuwa, akundiuza kuti mtima wawo uima ndipo ndiwadzutsire ana awatsanzike. Anasanza katatu, kenako anagona chagada pampando, ine n'kuchezera usiku wonse kumvetsera ngati akupuma. Aka n'kachiwiri. Iwo akulimbikira kuti wina anawathirira mankhwala mumowa, chifukwa mabotolo asanu sawagwetsa ndipo chamba sichinawachitepo chonchi. Kodi ndiwakhulupirire, nanga zikachitikanso ndichite chiyani?

Ndine mayi wodandaula.

Mwana wanga,

Sindingalumbire kuti palibe amene anakhudza botolo lawo, koma zonse zimene mwafotokozazi mowa ndi chamba zimazichita pazokha popanda dzanja la munthu wachitatu. Amuna anu akunena zoona kuti mabotolo asanu amawatha, ndiponso kuti ndudu imodzi amaitha. Chimene akulakwitsa ndi kuganiza kuti ziwirizi zikakumana m'thupi, chilichonse chimakhala ndi mphamvu yomwe chimakhala nayo chikakhala chokha.

M'chamba muli mankhwala otchedwa THC, amene ndiwo amaledzeretsa. Munthu akasuta mowa uli kale m'magazi, THC amachuluka m'magazimo kuposa mmene akanachulukira akanasuta ndudu yomweyo asanamwe. Choncho ndudu imene amuna anu anaizolowera inawamenya ngati asuta yoposa pamenepo, ndipo inawapeza ubongo utafooka kale ndi mabotolo asanu aja. Utsi umadutsa m'mapapo n'kufika ku ubongo m'mphindi zochepa, ndipo mphamvu yake imafika pachimake pasanathe theka la ola, zomwe zikugwirizana bwino ndi mphindi 20 zimene anzawo akunena. Chiwindi nacho chimachotsa mowa pang'onopang'ono, pafupifupi botolo limodzi laling'ono pa ola, kotero pamene ndudu inkayatsidwa mowa wambiri unali usanachoke.

Tsono taonani mmene zizindikiro zinatsatirana. Chamba chimathamangitsa mtima, ndipo kugunda kwake kumatha kuwonjezeka ndi ka 20 mpaka ka 50 pa mphindi. Chamba ndi mowa zonse zimatakasa mitsempha ya magazi, moti munthu akaimirira mwadzidzidzi magazi amachedwa kufika kumutu, ndipo apa ndi pamene pamachokera kutuwa, thukuta lozizira, chizungulire ndi kulobodoka kwa miyendo. Mowa umapweteka m'mimba ndi kusokoneza mbali ya mkati mwa khutu imene imatithandiza kuima osagwa, ndiye nyumba ikayamba kuzungulira nseru sichedwa. Anthu ena amati chamba chimaletsa kusanza, ndipo n'zoona kuti pamlingo wochepa chimachepetsa nseru, koma chikachuluka chimachita zosemphana ndi zimenezo.

Mantha aja sanali sewero, ndipo musawaseke nawo. THC akachuluka amayambitsa nkhawa mwa iye yekha, ndiye munthu akamva mtima ukugunda ngati utuluka m'chifuwa amaganiza kuti akufa, ganizolo limathamangitsanso mtima, amayamba kupuma mofulumira, milomo ndi zala zimachita dzanzi, ndipo dzanzilo amalitenga ngati umboni woti imfa yafikadi. Munthu woledzera sathanso kudziuza kuti ndi chamba chabe ndipo chitha. Nthawi zambiri mantha otere amazilala m'ola limodzi kapena awiri ngati chamba chinali chosuta, koma chikakhala chodyera m'chakudya chimachedwa kuyamba, nthawi zina mpaka maola awiri, ndipo chimachedwanso kutha.

M'kalata yanu yonse, chimene chandiopsa ndi chakuti anagona chagada atangosanza. Mowa umafooketsa mphamvu imene imatichititsa kutsokomola chinthu chikalowera kolakwika, ndipo munthu woledzera kawiri chonchi akhoza kusanza ali m'tulo, masanzi n'kutsekereza njira ya mpweya kapena kulowa m'mapapo. Zikachitikanso, muwatsitse pampando, muwagoneke chammbali pamalo afulati, bondo lapamwamba litapindidwa kuti asagubudukire chagada, chibwano chitakwezedwa pang'ono ndipo pakamwa pakuyang'ana pansi kuti masanzi azituluka okha. Musawasiye okha. Musawalowetse chala kukhosi, musawathire madzi ozizira, ndipo musawakakamize khofi kapena chakudya, pakuti palibe mwa izi chimene chimachotsa mowa m'magazi. Madzi muwapatse pang'onopang'ono pokhapokha ali maso, akhala tsonga ndipo akumeza bwino. Pamene ali ndi mantha, zimitsani wailesi, chotsani ana m'chipindamo, lankhulani motsitsa mawu, ndipo pumani nawo limodzi mukuwerenga mpaka 4 pokoka mpweya ndi mpaka 6 potulutsa.

Kumvetsera kupuma kwawo munachita bwino, koma muzichita ndi wotchi m'manja. Akapuma kosakwana ka 8 pa mphindi, kapena pakadutsa masekondi 10 osapuma, kapena mukawagwedeza ndi kuwatsina koma osadzuka, thamangirani nawo kuchipatala osadikira kuti kuche. Muchite chimodzimodzi akasanza ali chikomokere, akayamba kuphupha, masanzi akakhala ndi magazi, kapena ululu wa pachifuwa ukapitirira kapena kufalikira kumkono ndi kunsagwada, chifukwa inu simungasiyanitse mantha ndi vuto lenileni la mtima pongoyang'ana. Mukafika kumeneko nenani zonse, mowa ndi chamba chomwe, ngakhale manyazi akugwireni, pakuti dokotala wouzidwa theka amataya nthawi kufufuza kolakwika. Ndipo ngati amayendetsa galimoto, kiyi asakhale m'manja mwawo usiku wotere ngakhale atanena kuti mutu wayera, chifukwa wosuta chamba chokha nthawi zina amazindikira kuti sali bwino n'kuchepetsa liwiro, koma mowa umachotsa kusamala komweko.

Nkhani ya mankhwala othiridwa mumowa musaitsutse ndi mkangano, chifukwa mwamuna amene analira pamaso pa mkazi wake amafuna pobisala, ndipo mdani wosaoneka ndi pobisala pabwino. Dikirani tsiku limene alibe matsire ndipo ana palibe, kenako muwafunse modekha kuti ulendo woyamba uja chinayamba n'chiyani, mowa kapena ndudu, ndipo papita Loweruka angati amene anamwa osasuta n'kubwera akuyenda okha. Ayankhe okha. Kenako muwauze zimene munaona inu, kuti munamvetsera kupuma kwawo mpaka mbandakucha ndiponso kuti anafuna kudzutsa ana kuti awatsanzike, popeza n'kutheka kuti zambiri za usiku umenewo sakuzikumbukira.

Chopempha chanu choyamba chikhale chimodzi ndiponso chomveka, chakuti tsiku lomwe amwa asasute. Ine ndikanakonda atasiya chamba kotheratu, popeza thupi lawo lawachenjeza kale kawiri, koma akalonjeza chimodzichi n'kulephera kuchisunga, kapena mukaona kuti mantha ayamba kuwabwera ngakhale masiku amene sanamwe kapena kusuta, pitani nawo kwa dokotala kapena mlangizi wa za mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, ndipo mukafotokoze inuyo tsatanetsatane wa usiku wa Loweruka uja.

Azakhali