Kujambula phunziro m'holo yopanda siling'i: chochita ndi mawu obwerera

Mphunzitsi wina wa ku Salima wandilembera motere: "Ndinajambula phunziro langa la masamu m'holo ya pasukulu yathu kuti ophunzira amene sanabwere alimvetsere pa foni. Holoyi ndi ya simenti pansi, makoma ake ndi apulasitala, denga ndi lamalata ndipo ilibe siling'i. Foni ndinaiika pa desiki ya pa mzere wachitatu. Nditamvetsera, mawu anga akumveka ngati ndikulankhulira m'diramu. Kodi ndingawakonze pa laputopu? Nanga sabata yamawa ndijambule bwanji?"

Aphunzitsi, zikomo chifukwa cha kalata yanu. Ndiyambe ndi kukuuzani zoona kuti musataye usiku wonse pa laputopu: phunziro lojambulidwa kale lija lingakonzedwe pang'ono chabe, koma la sabata yamawa lingathe kumveka bwino kwambiri popanda kugula chida chodula, ndipo chimene chidzasinthe zinthu ndi mtunda wa pakati pa kamwa lanu ndi maikolofoni.

Mukalankhula m'holo, maikolofoni imalandira mawu a mitundu iwiri. Oyamba ndi ochokera pakamwa panu kupita molunjika ku foni. Achiwiri ndi amene agunda pakhoma, pansi ndi pa malata, n'kubwerera mobwerezabwereza mpaka mphamvu yawo itatha. Simenti ndi pulasitala zimameza gawo lochepa kwambiri la mawu, mwina magawo awiri kapena atatu pa 100 alionse, ndipo otsalawo zimawabweza. Mawu amayenda pafupifupi mamita 343 pa sekondi imodzi, choncho ngati khoma lakumbuyo lili pa mamita 15, liwu lanu limapita n'kubwerera pasanathe gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi, ndipo khutu limalimva ngati liwu lachiwiri. Imeneyo ndiyo eko yeniyeni. Koma chimene chimawononga kwambiri phunziro ndi mkokomo wotsalira, womwe ndimautcha mchira wa mawu, chifukwa liwu lililonse limakoka mchira wake n'kukwirira liwu lotsatira. Mukanena kuti "makumi asanu ndi limodzi", mchira wa "makumi" umakhala ukumvekabe pamene mukutchula "limodzi", ndipo wophunzira wa masamu akasemphana ndi nambala imodzi, samu yonse yamusokonekera.

Mungathe kudzimvera nokha zimenezi. Lowani m'holomo mulibe anthu, imani pamene mumaima pophunzitsa, ombani m'manja kamodzi mwamphamvu, kenako khalani chete n'kumvetsera. Mukamva kaphokoso konjenjemera, kobwerezabwereza mofulumira, ndiye kuti mawu akukankhidwa uku ndi uku pakati pa makoma awiri oyang'anizana. Mukamva mkokomo wozirala pang'onopang'ono, umenewo ndiwo mchira uja.

Utali wa mchirawu umawerengetseka. Wallace Sabine, katswiri wa pa yunivesite ya Harvard, anapatsidwa ntchito mu 1895 yokonza holo yophunzitsiramo imene anthu sankamvana bwino, ndipo ankanyamula makushoni a mipando usiku kuchokera ku holo ina n'kumayesa mmene akufupikitsira mkokomo. Njira yowerengetsera imene anapeza ikugwiritsidwabe ntchito:

```
RT60 = 0.161 × V / A
```

Apa V ndi kukula kwa chipinda m'makiyubikimita, A ndi kuchuluka kwa zinthu zomeza mawu m'masikweyamita, ndipo RT60 ndi masekondi amene mawu amatenga kuti azirale mpaka kusamvekanso. Simunandiuze miyeso ya holo yanu, choncho tiyerekeze kuti ndi mamita 15 m'litali, 8 m'lifupi ndi 4 kupita m'mwamba, zomwe zikupereka makiyubikimita 480. Pansi, denga ndi makoma zonse pamodzi ndi masikweyamita 424, ndipo tikati zimameza magawo asanu pa 100, A amakhala pafupifupi 21. Mchira wa holo yopanda anthu ukhala masekondi oposa atatu ndi theka. Mukalowa ophunzira 40, matupi awo ndi zovala zawo zimawonjezera pafupifupi 18, A amafika pa 39, ndipo mchira umatsika kufika pa masekondi awiri. Chipinda chophunziriramo chabwino chimafuna mchira wosafika sekondi imodzi.

Mfundo imene ndikufuna muigwire ndi iyi. Mkokomo umakhala wofanana pafupifupi paliponse m'holo, kutsogolo ndi kumbuyo komwe, pamene mawu olunjika amachepa mofulumira mukamatalikira: mtunda ukawirikiza kawiri, amatsika ndi madesibelo 6, ndipo desibelo ndi muyeso wa kukwera kwa mawu. Pali malo ena pamene mawu olunjika ndi mkokomo zimalingana mphamvu, ndipo m'holo tayerekezayi, muli ophunzira, malowo ali pafupifupi masentimita 90 okha kuchokera pakamwa panu. Desiki ya pa mzere wachitatu ili mwina mamita anayi kuchokera pa bolodi. Pamenepo mawu anu olunjika anali pansi pa mkokomo ndi madesibelo pafupifupi 13, kutanthauza kuti zambiri zimene foni inajambula zinali zobwerera kuchokera m'makoma. Maikolofoni yomweyo ikakhala masentimita 20 kuchokera pakamwa, zinthu zimatembenuka, mawu anu amakhala pamwamba pa mkokomo ndi madesibelo pafupifupi 13. Kusiyana kwa malo awiriwa ndi madesibelo 26, ndipo sindikudziwa pulogalamu ya pa kompyuta imene ingakupatseni phindu lotere popanda kuwononga mawu.

Choncho sabata yamawa tengani mahedifoni a nthambo, aja amabwera ndi foni okhala ndi kamaikolofoni pa nthambo, mumangirire kamaikolofoniko pachifuwa pa malaya ndi pini, pafupifupi chikhatho chimodzi pansi pa chibwano, foniyo muiike m'thumba. Onetsetsani kuti nsalu sikukhudza kabowo ka maikolofoni ndiponso kuti nthambo sikukwecha pa mabatani, chifukwa phokoso la kukwecha limamveka kwambiri. Ubwino wina wa njirayi ndi wakuti mukatembenukira ku bolodi kuti mulembe, maikolofoni imatembenuka nanu, pamene foni ya pa desiki imangotsala ndi mawu obwerera. Ngati mahedifoni mulibe, ikani foni m'thumba la pachifuwa moitembenuza, mbali ya maikolofoni iloze m'mwamba. Itsekeni netiweki kuti wina asakuimbireni phunziro lili mkati. Wophunzira akafunsa funso, libwerezeni inu musanayankhe, chifukwa mawu ake adzamveka patali komanso odzaza mkokomo.

Ndinaphunzira izi movutika zaka zapitazo nditapemphedwa kujambula maphunziro a alimi m'holo ina ku Nkhotakota. Ndinaika chojambulira pa tebulo pakati pa holo poganiza kuti chimva aliyense, ndipo madzulo nditamvetsera ndinapeza kuti ngakhale dzina la mbewu limene mlangizi anatchula kangapo silinkamveka. Tsiku lachiwiri ndinamangirira kamaikolofoni pa kolala yake, holo yomweyo, anthu omwewo, ndipo liwu lililonse linamveka, mpaka phokoso la choko pa bolodi.

Kukonza chipinda kumabwera pambuyo pa zimenezi, ndipo kumathandiza ophunzira amene ali m'holomo koposa foni. Chinthu chaulere ndi kutsekula mazenera ndi zitseko, popeza mawu otuluka pazenera sabwereranso. Mazenera asanu ndi atatu a sikweyamita imodzi ndi theka amawonjezera 12 pa A uja. Chenjerani nayo nyengo ya mwera, pamene mphepo yochokera kunyanja imawomba mwamphamvu, chifukwa ikafika pa maikolofoni imachititsa phokoso lalikulu. Tsekani mbali imene ikuchokera, mutsekule inayo. Mabulangete khumi okhuthala, opachikidwa pa chingwe motalikira khoma ndi masentimita khumi kapena kuposerapo, angawonjezere pafupifupi 15. Yambani ndi khoma lakumbuyo, kenako khoma limodzi la m'mbali, chifukwa kuphimba limodzi mwa makoma awiri oyang'anizana n'kokwanira kuthetsa kaphokoso konjenjemera kaja. Ngati sukulu yanu ndi yogonera konko, matilesi oimikidwa kumbuyo amagwira ntchito kuposa mabulangete. Zitenje n'zopyapyala kwambiri ndipo sizimeza mawu okhuthala, mphasa ndi mikeka zimathandiza pang'ono, ndipo matileyi a mazira amene anthu amakonda kumata pakhoma sindingakulimbikitseni kuvutika nawo. Mukaphatikiza mazenera ndi mabulangete, A amafika pa 66 ndipo mchira umafupika kufika pa sekondi imodzi ndi pang'ono. Khutu lidzamva kusintha, komabe mkokomo wofika pa maikolofoni udzatsika ndi madesibelo awiri kapena atatu okha, n'chifukwa chake ndaika maikolofoni patsogolo.

Tibwerere ku phunziro lojambulidwa kale. Pulogalamu yaulere ya Audacity ingathandize. Sungani kope la fayilo yoyamba musanakhudze chilichonse. Yambani ndi `High-Pass Filter` pa `100 Hz` kuti muchotse kulindima kwa pansi kumene kulibe mawu ofunika. Kenako tsekulani `Filter Curve EQ` n'kutsitsa chigawo cha pakati pa `200 Hz` ndi `400 Hz` ndi madesibelo atatu kapena anayi, popeza kumveka ngati m'diramu kumakhala kwambiri pamenepo. Pomaliza gwiritsani ntchito `Noise Gate`, yomwe imatsitsa mawu onse ochepera mulingo umene mwaika, motero imafupikitsa mchira pamene mwapumira. Yambani ndi izi:

```
Level reduction: -10 dB
Attack: 10 ms
Decay: 200 ms
```

Mulingo wa `Gate threshold` muupeze poyesa pa kachigawo ka masekondi 20, mukumvetsera ndi mahedifoni, ndipo muziukweza pang'onopang'ono. Mukamva kuti mathero a mawu akudulidwa, monga "limodzi" kumveka ngati "limo", mwapyola malire ndipo bwererani pansi. Chida chimenechi sichikhudza mkokomo umene uli pansi pa mawu pamene mukulankhula, chimangoyeretsa mipata ya pakati.

Pali zida ziwiri zimene anthu ambiri amathamangira, ndipo ndikukupemphani muzipewe pa fayilo imeneyi. `Noise Reduction` inapangidwira phokoso losasintha, monga la fani kapena jenereta, pamene mkokomo ndi mawu anu omwe ndipo umasintha ndi liwu lililonse. Mukaikakamiza, mawu amayamba kumveka ngati munthu akulankhulira m'madzi. `Compressor` imakweza mawu ofooka kuti ayandikire amphamvu, ndipo ofookawo ndiwo mchira umene tikufuna kuuchepetsa. Alipo mapulogalamu ogulitsidwa ochotsera mkokomo, monga `De-reverb` ya mu iZotope RX, ndipo amachita bwino pamene mawu olunjika ali pamwamba pa mkokomo, koma pa fayilo yojambulidwa pa mamita anayi ali ndi zochepa zoti apulumutse.

Mukamaliza, perekani mphindi ziwiri za phunzirolo kwa wophunzira amene sanalipo, amvetsere pa sipika ya foni yake, alembe manambala onse amene wamva. Musadziyese nokha, chifukwa inu mukudziwa kale zimene munanena ndipo khutu lanu lidzadzaza mipata. Akalakwitsa manambala angapo, ndi bwino kulankhulanso phunzirolo m'chipinda chogona chokhala ndi matilesi ndi makatani, foni ili masentimita 20 kuchokera pakamwa, manotsi anu ali patsogolo. Ndipo tsiku lojambula m'holo, ophunzira atakhala kale pansi, jambulani theka la miniti mutaima pa bolodi, mutembenuke ngati mukulemba, mumvetsere ndi mahedifoni, kenako muyambe phunziro.