Za masu ndi da mu kalata ya Chijapanizi

"Achimwene, aphunzitsi andibwezera kalata yanga ya Chijapanizi ija, akuti ndasakaniza masu ndi da. Ine sindikuona polakwika. Ndikonze bwanji?"

Eya mphwanga, ndaiona kalata ija. Aphunzitsiwo akunena zoona, koma vuto lake ndi laling'ono. M'Chijapanizi ulemu umakhala kumapeto kwa chiganizo: masu ndi desu ndi mathero aulemu, pamene da ndi mathero wamba. Ndiye tenga cholembera, uzungulize mawu okhawo amene ali pafupi ndi kampumiro kobulungira kaja. Zapakati zisiye kaye.

Mzere woyamba walemba kuti "Marawi kara kimashita", ndachokera ku Malawi. Zili bwino, ndi zaulemu. Wachiwiri wati "Nougyou o benkyou shite iru", ndikuphunzira zaulimi. Apa ndi pamene waterereka. Iru ameneyo ndi woyankhulira mnzako kapena wolembera m'buku lako lawekha. Woiwerenga amamva ngati munthu amene wayamba ndi "inu bambo", kenaka mwadzidzidzi wati "iwe". Popeza kalatayi ikupita kwa munthu wamkulu, uike "shite imasu". Chimodzimodzi pamene walemba "gakusei da", pakhale "gakusei desu", ndipo "ikanakatta" akhale "ikimasen deshita".

Tsopano mvetsera apa, chifukwa ambiri akauzidwa zimenezi amayamba kumwaza masu paliponse. Mzere wachitatu uja, "Nihon wa samui to omoimasu", ndikuganiza kuti ku Japani kumazizira, usaukhudze. Samui ali m'kati, kutsogolo kwa to, ndiye amakhala wopanda desu. Ulemu wausenza kale omoimasu. N'chimodzimodzi mneni akamafotokoza dzina: "kinou katta hon", buku limene ndinagula dzulo. Ukalemba "kaimashita hon" waononga. Komanso "Nihon ni iku toki", iku akhale choncho.

Koma pali ga, amene amatanthauza "koma". Ameneyu ndi wina. Mbali ziwiri zimene amalumikiza zimakhala ngati ziganizo zoima pazokha, ndiye zonse ziyendere limodzi: "Ikimashita ga, aemasen deshita", ndinapita koma sindinathe kukumana nawo. Pamzere wako womaliza pali "itta ga", ukonze pamenepo.

China ndikuuziretu, poti posachedwa ayamba kukupatsa malipoti a kusukulu. Amenewo salembedwa ndi masu ayi, amafuna dearu kuyambira pamwamba mpaka pansi. "Mondai desu" amasanduka "mondai dearu", "kangaemasu" amasanduka "kangaeru". Koma chenjera ndi afotokozi othera ndi i, monga takai ndi samui. "Takai desu" ukamuchotsa ulemu amangotsala "takai" basi. Kulibe "takai da", kulibenso "takai dearu".

Ukakonza uiwerenge mokweza, khutu limagwira msanga pamene pasintha. Kenaka uijambule unditumizire madzulo ano ndiionenso usanakapereke.