Makalata ofunika posamutsa mwana wa Sitandade 8 ndi wa Fomu 1

Funso: "Abambo a kunyumba kuno awasamutsa pantchito kuchoka ku Kasungu kupita ku Zomba, ndipo tikunyamuka mu Januwale. Tili ndi mwana wa Sitandade 8 ndi wina wa Fomu 1 pa CDSS. Kodi titenge makalata anji kuti akawalandire?"

Mayi, poyamba pitani kwa mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya pulayimaleyo sukulu zisanatsekere, chifukwa patchuthi ofesi imakhala yokhoma ndipo chidindo sichipezeka. Kapempheni kalata ya transifa yonena dzina lonse la mwana, tsiku lobadwa, kalasi imene ali, sukulu imene akupita ndi chifukwa chosamukira, ndipo ikhale yosainidwa ndi yodindidwa. Pamodzi ndi kalatayo mutenge sukulu lipoti ya teremu yoyamba ndiponso nambala ya mwana ya LIN, imene amayenda nayo ku sukulu iliyonse. Popeza mukutuluka m'boma la Kasungu, ndi bwino kuti kalatayo muionetsenso kwa mlangizi wa sukulu za m'dera lanu, amene timawatchula kuti a PEA, kuti akuuzeni ngati ikufunika chidindo cha ofesi ya maphunziro ya pa boma.

Koma nkhani yaikulu pa mwana wa Sitandade 8 si kalatayo ayi, ndi mayeso. Kalata ya transifa imasamutsa mwana m'kalasi, koma siisamutsa dzina lake ku MANEB. Kalembera wa mayeso amachitika chaka cha sukulu chikangoyamba kumene, kotero pofika Januwale n'kutheka kuti dzina la mwana wanu, chithunzi chake ndi malo olembera zinatumizidwa kale pansi pa sukulu ya ku Kasungu. Mufunse mphunzitsi wamkulu mosapita m'mbali kuti, "Kodi mwanayu munamulembetsa kale?" Ngati ayankha kuti inde, mudziwe kuti kusintha malo olembera kumafuna chilolezo cha MANEB, sikuthera pa mgwirizano wa aphunzitsi aakulu awiri. Chizindikiro chakuti zinthu sizinayende n'chakuti ziphaso za mayeso zikafika ku sukulu yatsopano, anzake onse amalandira, iye yekha osalandira. Ndinaziona izi pa mwana wa mchemwali wanga, amene anachita kukwezedwa basi kubwerera kumene anachokera mayeso atatsala sabata imodzi, atawerenga miyezi inayi pamalo pamene dzina lake panalibe.

Palinso china chimene makolo ambiri amachizindikira mochedwa. Ana amasankhidwira ku sukulu za CDSS zoyandikana ndi sukulu ya pulayimale imene analemberako, ndiye mwana akalembera ku Kasungu n'kusankhidwa, malo ake adzakhala a ku Kasungu komweko, ndipo mudzayambanso kuyendera transifa ina. Ngakhale zili choncho, ngati kalembera anatsekedwa ndipo muli ndi wachibale wodalirika ku Kasungu, ine ndikanamusiya mwanayo amalize komweko, popeza miyezi yotsala ndi yochepa ndipo aphunzitsi ake amadziwa kale pamene iye amafooka.

Za wa Fomu 1 n'zosiyana, chifukwa malo a ku sekondale ya boma ndi osankhidwira, ndipo mphunzitsi wamkulu sangolandira aliyense wobwera ndi kalata. Kasungu ali m'chigawo cha maphunziro cha pakati chakummawa pamene Zomba ali m'chigawo cha kummwera chakummawa, choncho pempho lanu liyenera kudutsa ku maofesi a zigawo. Lembani kalata yopempha transifa, muphatikizepo kope ya kalata yosamutsa abambo pantchito, kalata ya mphunzitsi wamkulu yotsimikiza kuti mwanayo anasankhidwadi pa sukulupo ndiponso sukulu lipoti. Musananyamuke, wina apite kapena aimbe foni ku CDSS ya kufupi ndi kumene mukakhale, afunse ngati malo alipo. Musayembekezere kuti kusamukaku kumukwezera ku sukulu yogonera konko, pakuti mwa nthawi zonse wochoka ku CDSS amapita ku CDSS inzake.

Musanachoke pa ofesi iliyonse, werengani dzina ndi tsiku lobadwa pa kalata imene mwalandira, ndipo muyerekeze ndi chiphaso chobadwira cha ku NRB kapena buku la kuchipatala. Mwana wolembedwa Chikondi Phiri pena, pena Chikondi Banda chifukwa anatenga dzina la agogo, amadzavutika pa satifiketi, ndipo kukonza kumakhala kophweka mukadali ku Kasungu kumene kuli kaundula wake. Makalata onse muwachite fotokope kawiri, ndipo enieniwo muyende nawo m'chikwama cha m'manja, osati m'katoni yokwera lole pamodzi ndi mapoto.