3 peresenti ya fulati ndi 4 peresenti yotsika: yotchipa ndi iti?

"Ndikufuna ngongole ya K600,000 yobweza pa miyezi 12. Bungwe lina lati 3 peresenti pamwezi, fulati. Lina lati 4 peresenti pamwezi, koma yowerengera pa ndalama zotsala. Si ya 3 peresenti kodi yotchipa?"

Ayi, yotchipa ndi ya 4 peresentiyo.

Pa fulati, chiwongoladzanja amachiwerengera pa ndalama zonse zomwe munatenga tsiku loyamba, ngati kuti simunabwezeko kalikonse. 3 peresenti ya K600,000 ndi K18,000, ndipo mwezi uliwonse ikhala yomweyo. Pa miyezi 12 ikwana K216,000. Muzipereka K68,000 pamwezi: K50,000 yodula ngongole, K18,000 yachiwongoladzanja.

Tsono taonani mwezi womaliza. Ngongole yatsala K50,000 yokha, koma akukudulanibe K18,000. Imeneyo ndi 36 peresenti pa ndalama zomwe mukadali nazo! Mukulipirira ndalama zomwe munabweza kalekale.

Njira inayo imayang'ana zotsala. Mwezi woyamba 4 peresenti ya K600,000 ndi K24,000. Mukadula K50,000, ngongole itsala K550,000, chiwongoladzanja n'kukhala K22,000. Chizitsika choncho ndi K2,000 mwezi ndi mwezi mpaka kufika K2,000 pomaliza, ndipo chonse pamodzi ndi K156,000. Mwapulumutsa K60,000. Kuwawa kwake kuli koyambirira, chifukwa mwezi woyamba mupereka K74,000, womaliza K52,000.

Mabanki ambiri amasalaza zimenezi kuti muzipereka ndalama yofanana mwezi uliwonse. Pa ngongole yanuyi ingakhale pafupifupi K63,900, ndipo chiwongoladzanja chonse pafupifupi K167,000. Chakwerako pang'ono poti miyezi yoyambirira ngongole imadulidwa pang'onopang'ono, komabe sichikufika pa K216,000. Choncho kufanana kwa malipiro a pamwezi si umboni woti ndi fulati.

Umboni uli pa ndandanda wa kabwezedwe. Upempheni musanasaine, muyang'ane mzere wa chiwongoladzanja. Ngati nambala yake sikusintha kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndi fulati, kaya wokongozayo akuitcha dzina lanji.

Pofuna kudziwa peresenti yeniyeni ya fulatiyo, lembani izi mu Excel:

```
=RATE(12,-68000,600000)
```

Yankho lake ndi 5 peresenti ndi pang'ono pamwezi. Imeneyo ndiyo nambala yoti muiyerekeze ndi 4 ija, osati 3.

Muwafunsenso za kubweza msanga. Pa njira yotsika, mukamaliza ngongole m'mwezi wa 6, chiwongoladzanja chimathera pomwepo, kupatula ngati mgwirizano uli ndi chindapusa. Pa fulati, ena amafunabe cha miyezi yonse 12. Ndipo ngati akuchotseranitu ndalama yokonzera ngongole ndi ya inshuwalansi, tiyerekeze K30,000, mwalandira K570,000 koma mukulipirira K600,000. Mu fomula ija ikani 570000 m'malo mwa 600000, peresenti ikwera kufika pafupifupi 6.