Mukufuna madola 200 pamwezi, koma masheyawo mukulolera kuti apite pa 55?

*Ndili ndi masheya 200 a kampani ina pamsika wa ku America. Ndinagula pa madola 47 iliyonse, pano ali pa 50. Mnzanga wandiuza za kavadi kolo: akuti ndikagulitsa opushoni pa mtengo wa 55 ndizilandira dola imodzi pa sheya mwezi uliwonse, kutanthauza madola 2,400 pachaka, kuwonjezera pa dividendi. Masheyawa sindikufuna kuwagulitsa chifukwa ndikukhulupirira kuti kampaniyi ipita patali. Ndisankhe opushoni ya mwezi umodzi kapena ya miyezi itatu?*

Achimwene, za mwezi umodzi kapena itatu tiziike kaye pambali. Vuto lili pa chiganizo chimene mwachilemba mongodutsa, chakuti masheyawa simukufuna kuwagulitsa. Kalata ngati yanuyi ndaiwerenga kambirimbiri, ndipo chiganizo chimenechi sichisowa. Komatu munthu wogulitsa opushoni ya mtundu umenewu, yotchedwa kolo, wagulitsa kale. Wasaina kuti wina aliyense amene wagula opushoniyo ali ndi ufulu wotenga masheya ake pa madola 55, mtengo wapangano umene umatchedwa sitiraiki, ndipo dola imodzi ija ndi malipiro a lonjezo limeneli, otchedwa pulimiyamu. Pamsika wa ku America kontirakiti imodzi imaimira masheya 100, ndiye inu mukhala mutagulitsa makontirakiti awiri, masheya anu onse ali pachikole mpaka Lachisanu lachitatu la mweziwo, tsiku limene maopushoni apamwezi amathera. Tsiku lotenga amasankha ndi wogulayo. Inu mulibe mawu.

Tiyeni tiwerenge mwachidule, tisaike za komishoni. Mwezi ukatha sheya ili pa 50, kapena 53, kapena 54, palibe amene angafune kugula pa 55 chinthu chimene angachipeze motchipa pamsika. Opushoniyo imafa yokha, madola 200 ndi anu, masheya akadali anu. Miyezi yambiri imatha chonchi, ndipo n'chifukwa chake mnzanuyo akulankhula ndi chidaliro chotere. Sakunama ayi. Sanakumane chabe ndi mwezi umene ndikufuna tikambiranewu.

Tinene kuti kampani yalengeza phindu loposa limene anthu amayembekezera, kapena kampani ina yaikulu yati ikufuna kuigula, sheya n'kudumpha kufika pa 68. Masheya anu apita pa 55. Pa mweziwo mwapeza madola 5 pa sheya kuchokera pa 50 paja, ndiwo 1,000, kuphatikiza 200 ya pulimiyamu, zonse 1,200. Si zoipa, ndipo simunaluze kanthu m'thumba. Koma munthu amene anangokhala phee ndi masheya ake 200 wapeza madola 18 pa sheya, ndiwo 3,600. Kusiyana kwake ndi 2,400. Mwaiona nambalayo? Ndi yomwe ija mwaiwerengera kuti ndi ya chaka chonse. Mwezi umodzi wadya mapulimiyamu a miyezi 12. Malire anu ali pa 56, kutanthauza 55 kuphatikiza dola imene munalandira. Sheya ikapitirira pamenepo, dola iliyonse yokwera ndi ya munthu wina.

Tsono ganizirani chifukwa chimene munagulira kampaniyi. Mwati ipita patali. Sheya yopita patali kawirikawiri siyenda ngati munthu wokwera masitepe, kakang'ono mwezi uno, kakang'ono mwezi wamawa. Imakhala duu kwa nthawi, kenaka n'kudumpha m'masabata ochepa, n'kukhalanso duu. Phindu lalikulu la zaka zingapo limatha kuchokera m'miyezi yowerengeka chabe. Ndiye inu mukufuna kudikira miyezi yonse yaduu ija muli mwini wake, koma mwezi wodumphawo mwaugulitsiratu pa dola imodzi. Mapanga awiri avumbwitsa, achimwene.

Dola imodziyonso ikundiuza kanthu. Kuti munthu akulipireni 2 peresenti ya mtengo wa sheya pa mwezi umodzi wokha, pa sitiraiki yotalikira ndi 10 peresenti, ndiye kuti msika ukuona kuti sheya imeneyi ndi yosakhazikika. Kampani yodekha, imene mtengo wake suyendayenda, pa sitiraiki yotere ingakupatseni masenti ochepa chabe. Pulimiyamu ikanona, funsani chimene chayinonetsa. Nthawi zambiri mupeza kuti tsiku lolengeza zotsatira za kampani lili mkati mwa mwezi womwewo. Ndipo musachulukitse dola ya mwezi wotere ndi 12, chifukwa miyezi inayo sidzalipira chimodzimodzi.

Sheya yodumpha kukwera imadumphanso kutsika, ndipo kumeneko kolo sikutetezani. Ikagwa kufika pa 40, mwataya madola 2,000 papepala, pulimiyamu yangochepetsako kufika pa 1,800. Choopsa chenicheni chimabwera mwezi wotsatira. Sitiraiki ya 55 tsopano ili kutali, ikulipira pafupifupi zero. Inu mwazolowera 200 yanu, mwina mwaiika kale pa bajeti ya pakhomo. Ndiye mumatsitsa sitiraiki kufika pa 44 kuti dola ija ibwerere. Sheya n'kuchira kufika pa 52. Masheya apita pa 44. Onjezani madola awiri a mapulimiyamu, mwapeza 46 pa chinthu chimene munagula 47, pamene pamsika chili pa 52. Munatsika nayo njira yonse, pokwera yakusiyani panjira. Anthu ambiri amene ndawaona akulira ndi kavadi kolo, analirira apa.

Ndikudziwa chimene mnzanuyo ayankhe. Anena kuti sheya ikakwera mungogula opushoniyo n'kugulitsa ina ya mwezi wakutsogolo pa sitiraiki yokwererapo, masheya osachoka. Zimatheka. Pa sikirini ya buloka wanu, pogulitsa koyamba mumasankha `Sell to Open`, pofuna kutuluka m'panganolo mumasankha `Buy to Close`. Koma sheya ili pa 68, ufulu wogula pa 55 sungatsike pansi pa madola 13. Makontirakiti awiri ndi madola 2,600 kapena kuposerapo, otuluka m'akaunti yanu, kuwombola chinthu chimene munachigulitsa 200. Yatsopanoyo, kuti ikubwezereni ndalama yochuluka chonchi, iyenera kukhala ya sitiraiki yotsika kwambiri poyerekeza ndi 68, kapena ya miyezi yambiri kutsogolo. Mwangosuntha ngongole, mwadzimanganso nthawi yaitali.

Apa ndiye pamene ndimapsera mtima, ndipo mundikhululukire, ndi nkhani ya kaundula. Sindinaonepo munthu wa kavadi kolo amene sadziwa pamtima ndalama zonse za pulimiyamu zimene walandira chaka chino. Mufunseni kuti wawombola kangati ndipo zinamudyera zingati, ayamba kukanda m'mutu. Sikirini nayo imathandizira kudzinamiza. Mukawombola opushoni yakale n'kugulitsa yatsopano pa oda imodzi, imakuonetsani nambala imodzi yotsala, mwina madola 30 olowa, inu n'kulemba kuti mwapindula 30. Ayi. Mwatseka pangano lakale ndi kuluza kwa 2,400, ndipo mwatsegula latsopano limene mathero ake simukuwadziwa. Zimenezi ndi mizere iwiri m'buku, ndipo wakuluzawo ulembedwe ndi inki yooneka.

Ndinathandizapo bambo wina kuwerengera za chaka chake. Anabwera akunyadira kuti maopushoni amamulipirira bilu ya foni ndi magetsi. Titatsegula sitetimenti ya buloka, tinapeza kuti ndalama zowombolera zinali kutuluka m'akaunti ya masheya mwakachetechete, pamene mapulimiyamu ankawatapa n'kupita nawo kunyumba. Kunyumba kunkaoneka phindu, ku akaunti kunkachepa chuma. Sanabe za munthu, ankadzibera yekha. Kuyambira pamenepo aliyense wondifunsa za njirayi ndimamuuza kuti buku lake likhale ndi mzere umodzi woposa yonse: ndikanangosunga masheya anga osachita kalikonse, lero ndikanakhala ndi zingati? Kumapeto kwa mwezi uliwonse muziyerekeza nambala imeneyo ndi zimene muli nazodi, mutachotsa komishoni ndi zowombolera. Pakatha chaka simudzafunikanso kundilembera, buku lidzakuyankhani. Ndipo pulimiyamu musaitape opushoni isanathe. Mpaka tsiku limenelo ndi ndalama ya pangano losatha, mwina mudzaifuna powombola.

Mwatchula dividendi ngati chinthu chotsimikizika. Chenjerani. Maopushoni a masheya a ku America wogula angathe kuwagwiritsa ntchito tsiku lililonse asanathe. Sheya ikakhala pamwamba pa sitiraiki ndipo tsiku lodula mndandanda wa olandira dividendi layandikira, wogulayo amawerengera: ngati dividendiyo ikuposa kamtengo ka nthawi kamene katsala mu opushoni, kutanthauza ndalama imene mtengo wa opushoniyo ukuposera kusiyana kwa mtengo wa sheya ndi sitiraiki, amatenga masheya dzulo lake la tsikulo. Mumadzuka m'mawa masheya palibe, dividendi yapita ndi mwini watsopano. Masheya akatengedwa ndiye kuti mwagulitsa, ndipo m'maiko ambiri kugulitsa mwaphindu kumabwera ndi msonkho, m'chaka chimene simunakonzekere. Zimenezo funsani wodziwa malamulo a msonkho a kumene mumalipira.

Kodi ndikuti njirayi ndi yoipa? Ili ndi mwini wake. Munthu amene wanena kale mumtima kuti sheyayi ikafika pa 55 ndigulitsa, ndipo sadzayang'ananso m'mbuyo ngakhale ifike pa 80, ameneyo akulipidwa chifukwa cha chinthu chimene akanachita ndi kale. Kwa iye dola ija ndi yowonjezeradi. Inu, malinga ndi kalata yanu, simuli munthu ameneyo.

Ngati mtima ukukakamirabe, yesani ndi theka. Gulitsani kontirakiti imodzi yokha, masheya 100 enawo akhale omasuka. Sitiraiki ikhale mtengo umene mungagulitsirepo mukumwetulira, ndipo isatsike pansi pa 47 ngakhale pulimiyamu itachepa bwanji. Mwezi umene sitiraiki yotere sikulipira, musagulitse kanthu. Mwezi wolengeza zotsatira za kampani muudumphe. Mukatero mupeza kuti 2,400 ija yatsika kwambiri, mwina osafika ndi theka la theka, ndipo imeneyo ndiyo nambala yoti muiganizire.

Poti munafunsa: sankhani ya mwezi umodzi. Mtengo wa nthawi mu opushoni umasungunuka msanga m'masabata omalizira, ndiye maopushoni atatu a mwezi umodzi kawirikawiri amabweretsa zambiri kuposa imodzi ya miyezi itatu, ngakhale komishoni mulipira katatu. Chachikulu kwa munthu wokonda masheya ake ngati inu n'chakuti mukazindikira kuti mwalakwitsa, mwadzimanga masabata anayi okha.