Mmene mungagawire nthawi pa mpikisano wa mamita 1500

"Ndikufuna kumaliza mamita 1500 mu 4:30, koma raundi yachitatu ndimatheratu. Ndigawe bwanji nthawi pa raundi iliyonse?"

Achimwene, yambani mwadziwa pamene wokuwerengerani nthawi aime. Bwalo ndi la mamita 400, ndiye 1500 ndi maraundi atatu ndi mamita 300 apamwamba. Mumayambira tsidya lina la bwalo, pamene pathera khona yoyamba, choncho mukamadutsa pamzere womalizira koyamba mwathamanga mamita 300 okha. Kachiwiri ndi 700, kachitatu ndi 1100 pamene amaimba belu losonyeza raundi yomaliza, kenako 1500.

Ine zinandichitikirapo. Mnzanga anaima pamzere womalizira n'kufuula "55!", ine m'mutu ndinasunga 72 ya raundi yathunthu. Ndinaganiza kuti ndathamangitsa, ndinabweza liwiro, anzanga n'kundisiya ndikuona.

4:30 ndi masekondi 270, kutanthauza masekondi 18 pa mamita 100 aliwonse, kapena 72 pa raundi. Mnzanuyo akaima pamzere womalizira, azikuuzani 54, kenako 2:06, ndipo belu likupezeni pa 3:18. Akaima pamene munayambira, manambala ake ndi 1:12, 2:24 ndi 3:36. Sankhani malo amodzi, muloweze manambala atatu okhawo.

Koma pampikisano weniweni liwiro silifanana chonchi. Poyamba pamakhala kulimbirana malo, ndiye mamita 300 oyamba mu 53 palibe vuto. Raundi yotsatira 73, mufika pa 2:06. Ina 73, belu pa 3:19, yomaliza 71. Mukamva 50 pa mamita 300, dziwani kuti mwatenga ngongole, ndipo mudzaibweza ndi chiwongoladzanja pakati pa 700 ndi 1100. Ndikuganiza kuti vuto lanu lagona pamenepa.

Raundi imeneyi ndi yachinyengo. Miyendo yayamba kulemera, kumapeto kukadali kutali, ndiye thupi limabweza lokha inu mukuona ngati liwiro ndi lomwe lija. Kuti wotchi ionetse 73, muyenera kumva ngati mukuwonjezera moto. Ngati mukumva chimodzimodzi ndi raundi yapitayo, mwina muli pa 76. Mukangodutsa 700, pukusani manja mwamphamvu ndipo mumamatire amene ali patsogolo panu.

Samalaninso njira imene mukuthamangamo. Raundi yonse m'njira yachiwiri imawonjezera mamita pafupifupi 7, omwe pa liwiro lanuli ndi sekondi imodzi ndi kanthu. Pitirirani anthu powongoka, pakhona bwererani mkati.

Pokonzekera, thamangani mamita 400 kasanu pa 72, kupuma mphindi imodzi ndi theka pakati pake. Ulendo wachinayi ndi wachisanu ukamatuluka 76 kapena 77, 4:30 sinakwane. Yambani ndi 4:40, yomwe ndi pafupifupi 75 pa raundi, belu pa 3:25.